Diso Lathunthu pa Nkhope ya Cham'mbali: Zolemba za Ulendo wa ku Manda a Iguputo

Tsiku loyamba, ku Cairo

Ndabwera ndi funso limodzi lokha, ndipo ndalilemba patsamba loyamba la kope langa la masamu, lija la timabokosi, kuti zokongola za m'dziko muno zisandiiwalitse: n'chifukwa chiyani amisiri a ku Iguputo, kwa zaka pafupifupi 3000, ankajambula mutu wa munthu cham'mbali, koma diso n'kuliika lathunthu ngati kuti likuyang'ana ife, mapewa n'kuwatambasula chamaso, miyendo n'kuibwezeranso cham'mbali? Palibe munthu wamoyo amene angaime choncho. Ndinayesa m'chipinda changa mmawa uno, ndipo khosi ndi chiuno zinakana.

Ndatha masana onse m'nyumba yakale yosungiramo zinthu zamakedzana ya pabwalo la Tahrir. Ndinayambira pa mwala wa mfumu Narmer, wosemedwa cha m'ma 3100 Khristu asanabadwe, womwe kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 64. Mfumuyo yagwira mdani patsitsi, yakweza chibonga, ndipo kumbuyo kwake kuli kamunthu kakang'ono konyamula nsapato zake. Zonse zimene ndabwerera zili kale pamwalawu: mphuno yaloza mbali imodzi, diso ndi lathunthu, mapewa onse awiri akuoneka, ndipo mfumu ndi yaikulu kuposa wina aliyense. Chimene chandikhudza n'chakuti mwalawu sunapezeke m'manda. Unapezeka pamalo a kachisi mumzinda wakale wa Hierakonpolis. Choncho amene amanena kuti kajambulidwe aka kanabadwa chifukwa cha chikhulupiriro cha akufa chokha amafulumira kuweruza. Kajambulidweka kanalipo kale, ndipo manda anangokapeza ndi kukapatsa ntchito yolemera kwambiri.

Kenaka ndinaima nthawi yaitali pa matabwa osemedwa a Hesire, mkulu wa m'nthawi ya mfumu Djoser, cha m'ma 2650 Khristu asanabadwe. Amene angaone minofu ya pabondo ndi fupa la pansi pa khosi pa matabwa amenewa sanganenenso kuti amisiriwa sankalidziwa thupi la munthu. Ankalidziwa bwino lomwe. Komabe mapazi onse awiri a Hesire ajambulidwa kuchokera mbali ya chala chachikulu, ngati kuti munthuyo ali ndi mapazi awiri a mwendo umodzi. Mmisiri wodziwa bondo chotere sakanasokoneza phazi mwangozi. Anachita kusankha, ndipo ndiyenera kupeza chimene chinamusankhitsa.

Tsiku lachiwiri, ku Saqqara

Lero ndiye ndalowa m'manda enieni. Manda a akuluakulu a nthawi ya Ufumu Wakale, yoyamba mwa nthawi zitatu zikuluzikulu za mafumu a Iguputo, ali ndi zigawo ziwiri: mtembo unkaikidwa pansi penipeni, m'chipinda chotsekedwa, koma pamwamba pankakhala zipinda zimene amoyo ankalowamo ndi nsembe. Zithunzi zambiri zili m'zipinda zapamwambazi.

M'manda a Ti, mkulu wa m'nthawi ya banja lachisanu la mafumu, bambo wotiperekeza anandisonyeza kabowo kakang'ono pakhoma. Nditasuzumira ndinaona chiboliboli cha Ti chitaima mumdima, m'kachipinda kopanda khomo. Bamboyo anati: "Achimwene, ichi sanachisemere inu kapena ine. Ankafukiza lubani pabowo pano kuti fungo likamufike mwiniwake." Mawu amenewa andithandiza kuposa zonse ndawerenga. Aiguputo ankakhulupirira kuti munthu ali ndi mphamvu ya moyo yotchedwa ka, imene imatsala munthu akamwalira ndipo imafuna chakudya ndi pokhala. Mtembo wokonzedwa ndi mankhwala unali pokhala pake, koma chiboliboli ndi chithunzi cha pakhoma, zikalembedwa dzina la munthuyo, zinalinso matupi ake. Panali ngakhale mwambo wotsegula pakamwa, umene ansembe ankachita pa mtembo ndi pa ziboliboli kuti zithe kudya, kupuma ndi kuona, ndipo limodzi mwa maina a wosema linkatanthauza "wopatsa moyo."

Munthu akamvetsa zimenezi, funso langa limatembenuka. Ngati chithunzi ndi thupi loti mwiniwake akhalemo mpaka kalekale, mmisiri sangajambule zimene diso likuona pa kanthawi kamodzi kuchokera pamalo amodzi, chifukwa diso limabisa zambiri. Munthu akaima cham'mbali, dzanja limodzi limabisika, phewa limodzi limasowa, ndipo diso limangooneka ngati kamphako kopyapyala. Akaima chamaso, mphuno imaphwatalala, chibwano sichioneka mmene chatulukira, ndipo mapazi amafupika. Tsono mmisiri ankatenga chiwalo chilichonse kuchokera kumbali imene chimadziwika bwino ndi kuoneka chathunthu. Mphuno, milomo ndi chibwano zimadziwika cham'mbali. Diso ndi nsidze zimadziwika chamaso. Mapewa akatambasulidwa chamaso, mikono yonse iwiri imaoneka ndipo imatha kugwira ntchito, wina ndodo, wina kulandira nsembe. Miyendo ndi mapazi zimasonyeza kuyenda zikakhala cham'mbali. Pakati pa thupi ndi pamene mmisiri ankalumikiza mbali ziwirizi mochenjera: nsonga ya bere imodzi yokha imaikidwa m'mphepete mwa chifuwa chakutsogolo, ndipo mchombo umasendezedwa kufupi ndi mphepete yomweyo, kotero kuti diso la woonera limatsetsereka kuchoka pa mapewa kufika pa miyendo osazindikira pamene thupi lapotokera.

N'chimodzimodzi ndi chakudya. Pa tebulo la nsembe zinthu siziunjikidwa mobisana ngati mmene zimakhalira padengu. Ntchafu ya ng'ombe, tsekwe, mitanda ya mkate, chilichonse chili pachokha, china pamwamba pa chinzake, kuti pasakhale chosowa. Pambali pake pamalembedwa pemphero lopempha mikate chikwi, mitsuko ya mowa chikwi, ng'ombe ndi mbalame chikwi. Abale akasiya kubwera ndi nsembe, khoma linkayenera kupitiriza kumudyetsa.

Koma m'manda omwewa a Ti ndaona malire a lamuloli. Pali malo pamene abusa akuwolotsa ng'ombe pamadzi. Mmodzi wabereka kamwana ka ng'ombe kumsana, wawerama ndi kulemera, ndipo kamwanako katembenuza mutu kuyang'ana mayi wake amene akukatsata. Pamenepo palibe kuuma kulikonse. Pakhoma lina Ti waima m'bwato, wowongoka ngati mzati, pamene anyamata ake akupindika ndi kulimbana ndi mvuu. Lamulo limamanga kwambiri mwini manda, mafumu ndi milungu, chifukwa iwo ndiwo ayenera kukhala athunthu ndi osasintha. Antchito amadziwika ndi ntchito yawo, ndiye amaloledwa kuwerama, kudumpha, kukhala ndi dazi kapena mimba. Ukulu wa munthu pakhoma nawonso susonyeza kuti ali pafupi kapena patali, koma udindo wake.

Tsiku lachitatu, m'sitima ya usiku yopita ku Luxor

Tulo tasowa, ndiye ndalemba ganizo limodzi. Zilembo za Aiguputo nazonso ndi zithunzi: mbalame, miyendo, diso, munthu wokhala pansi. Chilembo chiyenera kudziwika msanga ndi kufanana paliponse, ndipo zilembo zamoyo zonse zimayang'ana koyambira mzere. Munthu wa pakhoma ali ngati chilembo chachikulu, amayang'ana mbali imodzi ndi mawu a dzina lake, ndipo amisiri ojambula mizere ankatchedwa alembi a maonekedwe. Nkhope ya cham'mbali ili ndi ubwino wina: imaloza. Anthu awiri akayang'anizana pakhoma, timadziwa wopereka ndi wolandira. Nkhope yoyang'ana chamaso ikanasiya mnzakeyo n'kumayang'ana ife. Aiguputo ankatha kuijambula; chilembo cha nkhope ndi cha kadzidzi zimayang'ana chamaso, ndiponso mulungu Bes, wothamangitsa zoipa m'nyumba, kawirikawiri amaoneka choncho. Ankaisunga pa ntchito zapadera.

Si Aiguputo okha. Ku Mesopotamiya, ku chilumba cha Kerete, ngakhale m'manda a Aetrusika ku Italiya, diso lathunthu pa nkhope ya cham'mbali likupezeka. Zikuoneka kuti anthu akayamba kujambula pamalo athyathyathya amayamba ndi zimene akudziwa za chinthucho. Chosiyanitsa Iguputo n'chakuti kuno anachisandutsa lamulo loyezedwa ndi chingwe, n'kulisunga zaka zochuluka kuposa wina aliyense.

Tsiku lachinayi, kutsidya la kumadzulo kwa Luxor

Tawoloka Nailo dzuwa lisanakwere, kupita ku phiri la Sheikh Abd el-Qurna, kumene kuli manda a nduna za Ufumu Watsopano, yomaliza mwa nthawi zitatu zija. Manda a Ramose, nduna yaikulu ya Amenhotep wachitatu ndi mwana wake Amenhotep wachinayi, ndi amene ndimawayembekezera. Pakhoma la kum'mawa pali alendo a paphwando osemedwa pamwala woyera mosalala kwambiri, tsitsi lililonse la wigi likuoneka, koma sanapakidwe utoto kupatula malo amodzi: maso ndi nsidze zalembedwa ndi utoto wakuda. M'chipinda chonsecho maso athunthu aja ndiwo amayamba kukufika, ndipo ndinaima pamenepo mpaka anzanga ananditaya.

Khoma la kumadzulo likusonyeza kuti lamulo linkatha kusintha. Kumanzere kwa khomo, mfumu Amenhotep wachinayi wakhala pampando m'kajambulidwe ka makolo ake. Kumanja, mfumu yomweyo, imene inadzadzitcha Akhenaten, yaima pawindo ndi mkazi wake Nefertiti pansi pa cheza cha dzuwa chothera ndi timanja, ndipo matupi asintha, nduna zawerama kwambiri. M'nthawi ya mfumu imeneyi khosi linatalika, mimba inalendewera, ntchafu zinakula, ndipo akatswiri apeza kuti pa mizere yoyezera imene amisiri ankalemba pakhoma asanajambule, munthu woimirira ankayezedwa ndi timabokosi 20 m'malo mwa 18. Cha m'nthawi yomweyi phazi la kufupi ndi woonera linayamba kujambulidwa ndi zala zonse zisanu. Koma ngakhale mfumu imene inatseka akachisi a mulungu Amun sinatembenuze mutu kapena kuchepetsa diso. Miyeso inasintha, maziko anakhala.

M'manda a Menna, mlembi wa minda, mitundu ikadali yowala: amuna ofiirira ngati katondo, akazi achikasu chotuwa. Komatu nkhope ya Menna inagobedwa dala m'malo ambiri, thupi lonse n'kusiyidwa. Amene anachita izi sanali wakuba, popeza panalibe chonyamula. Anali munthu wokhulupirira zomwezo zimene mmisiri ankakhulupirira, kuti chithunzi chopanda diso sichingaone nsembe zake. Zandimvetsa chisoni, komabe ndi umboni wamphamvu kuposa wonse umene ndauona. Mantha omwewa ndi amene anachititsa alembi ena kudula pakati zilembo za njoka kapena kuchotsa miyendo ya zilembo za anthu m'zipinda zoikamo mtembo, kuti zisadzuke n'kuvulaza wakufayo.

Tsiku lachisanu, Chigwa cha Mafumu ndi Deir el-Medina

Manda a mfumu Horemheb, amene anamwalira cha m'ma 1292 Khristu asanabadwe, sanamalizidwe, ndipo chifukwa cha ichi amaphunzitsa kuposa omalizidwa. M'chipinda cha bokosi la mwala loikamo mtembo, ntchito yonse ili poyera. Khoma linkasalazidwa ndi kupakidwa pulasitala. Mmisiri woyamba ankajambula anthu ndi zilembo ndi utoto wofiira. Mkulu wake ankabwera pambuyo ndi utoto wakuda kukonza, ndipo pali malo pamene mzere wakuda wapatuka pang'ono pa wofiira. Kenaka wosema ankagoba mwala wozungulira chithunzicho kuti chitukuke, ndipo opaka utoto ankamaliza. Pakhoma limodzi munthu amatha kuona pamene tchizulo chinalekera. Kukonza mtembo kunkatenga masiku 70, ndipo mfumu ikaikidwa, manda ankatsekedwa ngakhale ntchito isanathe.

Madzulo tinapita ku Deir el-Medina, mudzi wa amisiri amene ankakumba ndi kujambula manda a mafumu. Gulu lawo linkagawidwa pawiri, a mbali ya kumanja ndi a mbali ya kumanzere, gulu lililonse ndi kapitawo wake, ndipo ana ankaphunzira ntchito kwa atate awo. Apa ndi pamene ndamvetsa chifukwa chachiwiri cha miyeso yokhazikika, chimene sichikhudza mizimu konse. Khoma limodzi linkadutsa m'manja ambiri, pansi pa nthaka, pa kuwala kwa nyale za mafuta. Popanda muyeso wogwirizana, mfumu ya kukhoma la kumanja ikanasiyana ndi ya kumanzere. Ndipo chifukwa chachitatu chimalumikizana ndi ichi: kwa Aiguputo, dongosolo loyenera la dziko, limene ankalitcha maat, linali chinthu chopatulika, chotero thupi loyezedwa bwino linali thupi loyenera kuima pamaso pa milungu.

Amisiri omwewa, akakhala pawokha, ankajambula pa zipapati za miyala zinthu zina zomasuka kwambiri, monga mphaka akuweta atsekwe. Zina mwa izo ndinaziona ku Cairo. Dzanja lawo silinali lomangika. Linkadziwa nthawi yomvera lamulo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, ku Aswan

Dzulo linathera panjira. Lero takwera masitepe aatali a phiri la Qubbet el-Hawa kukaona manda a Sarenput wachiwiri, bwanamkubwa wa dera lino m'nthawi ya banja la 12 la mafumu, zaka za m'ma 1800 Khristu asanabadwe. Ndabwera kuno chifukwa m'mandamu mizere ya timabokosi ikadaonekabe pa zithunzi zina. Mmisiri ankaviika chingwe mu utoto wofiira, anthu awiri n'kuchikoka pakhoma, kenaka n'kuchikweza pakati ndi kuchisiya kuti chimenye khoma ndi kusiyapo mzere wowongoka, monga amachitira omanga nyumba. M'nthawi ya Ufumu Wakale ankangokoka mzere umodzi woimirira pakati pa thupi ndi mizere ingapo yopingasa pa bondo, chigongono, m'khwapa ndi khosi. Timabokosi tathunthu tinayamba mu Ufumu Wapakati. Katswiri wa ku Germany, Richard Lepsius, ndi amene anayamba kufotokoza za mizereyi m'zaka za m'ma 1840.

Nditatuluka ndinakhala pamthunzi ndi kope langa kuti ndiyese ndekha, ndipo ndilemba mmene zimakhalira. Kuwerenga kumayambira pansi, pa mzere umene mapazi aponda. Munthu woimirira amatenga timabokosi 18 kuchokera pamenepo kufika pamene tsitsi layambira pamphumi. Pamwamba pa bondo pamagwa pa mzere wa 6, pansi pa matako pa 9, chigongono cha mkono wolendewera pa 12, nsonga ya bere pa 14, ndipo pamene khosi lakumana ndi mapewa ndi pa 16. Mapewa a mwamuna amatambalala timabokosi pafupifupi 6, a mkazi amachepera. Munthu wokhala pampando amatenga 14. Aliyense angaone kuti bondo lili pa gawo limodzi mwa magawo atatu, matako pa theka, chigongono pa magawo awiri mwa atatu, zomwe n'zosavuta kuzisunga pamtima.

Tiyerekeze kuti mmisiri ali ndi malo a masentimita 90 kuchokera pansi kufika pamphumi pa bwanamkubwa. Agawa 90 ndi 18, kabokosi kalikonse kakhala masentimita 5. Bondo likhala pa masentimita 30, chigongono pa 60, khosi pa 80, ndipo mapewa atambalala masentimita 30. Ngati mwana wa bwanamkubwayo ayenera kuoneka wamng'ono, masentimita 36 okha, kabokosi kake kakhala masentimita 2, koma bondo likhalabe pa mzere wa 6. Kabokosi kalibe kukula kwake kokhazikika. Chokhazikika ndi mgwirizano wa ziwalo. Timabokosito sitinali kwenikweni tokopera chithunzi chaching'ono kuti chikule, monga timachitira m'sukulu. Tinali tothandiza dzanja kuika mfundo za thupi pamalo ake, mizere ya thupi yeniyeniyo n'kujambulidwa ndi luso la munthuyo. Antchito ang'onoang'ono a m'mizere ya m'munsi kawirikawiri ankajambulidwa popanda timabokosi tawotawo.

Poyesa koyamba ndinalakwa. Ndinaika mzere wa 18 pamwamba penipeni pa mutu, ndipo munthu wanga anatuluka ndi mutu wopanikizika, nkhope yonse ndi tsitsi zitadzazana m'timabokosi tiwiri. Pamenepo ndinaona chifukwa chimene ankalekezera pamphumi: pamwamba pa mphumi pamabwera wigi, nduwira kapena chisoti chaufumu, ndipo izi zimasiyana kutalika, choncho sizingakhale poyezera. Pambuyo pake, kuyambira m'banja la 25 la mafumu, amisiri anasinthanso n'kuyamba kuwerenga timabokosi 21 kufika pa chikope chapamwamba, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene akatswiri amadziwira nthawi ya chithunzi chimene mizere yake yatsala.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kwa manja. Ndinajambula munthu woyang'ana kumanzere, ndipo ndinasokonezeka kuti ndodo yaitali ndiigwiritse dzanja liti. Kajambulidwe aka kanakhazikitsidwa pa munthu woyang'ana kumanja: mwendo wakumanzere patsogolo, ndodo yaitali m'dzanja lamanzere lakutsogolo, kandodo kaulamuliro m'dzanja lamanja lakumbuyo. Akamutembenuza kuti ayang'ane kumanzere, monga zimafunikira mbali ina ya khomo, zinthu zimavuta, ndipo amisiri enieni nawonso ankalimbana nazo: ena ankangotembenuza chithunzi chonse, ena ankadutsitsa kandodoko kuseri kwa thupi, ena ankasinthanitsa zikhatho. Ndinakumbukira kuti ndinaona zotere ku Saqqara n'kuganiza kuti ndi kulakwitsa kwa wophunzira.

Ndinatsegula tsamba lina, ndinawerenga timabokosi 18 kuchokera pansi, ndinaika madontho pa 6, 9, 12, 14 ndi 16, ndipo ndinajambula munthu woyang'ana kumanja. Mlonda wa pamandapo, bambo wachikulire wovala mkanjo, anabwera kudzaona. Analoza diso limene ndinali nditalijambula mwachizolowezi changa, lopyapyala ngati la munthu woonedwa cham'mbali, n'kupukusa mutu. Anatenga pensulo yanga, analitambasula mbali zonse ziwiri, anaika kadontho kakuda pakati ndi nsidze yaitali pamwamba, kenaka anandibwezera kope n'kubwerera pa mpando wake wa pakhomo la manda.